Werengani mokweza, werenganinso chobwerera: njira yogwirira zolakwika m'zolemba zanu

M'chaka cha 1631, mumzinda wa London, amuna awiri osindikiza mabuku, Robert Barker ndi Martin Lucas, anatulutsa Baibulo la Chingerezi lomwe likukumbukiridwa mpaka lero chifukwa cha liwu limodzi lokha. M'buku la Eksodo, pa lamulo loletsa chigololo, liwu lokaniza la zilembo zitatu linasiyidwa, ndipo lamulo loletsa linasanduka lamulo lolimbikitsa tchimolo. Inali nthawi ya Mfumu Charles Woyamba. Osindikizawo analipitsidwa chindapusa cha mapaundi 300, ndipo ambiri mwa Mabaibulowo anawonongedwa. Anthuwa sanali mbuli. Ankadziwa bwino zomwe lamulolo limanena, ndipo munthu akadziwa kale zomwe mzere ukuyenera kunena, amaziona pamzerepo ngakhale palibepo.

Vuto lomweli limagwera aliyense amene amalemba: mlembi wa mpingo, kalaliki wa pa ofesi, wophunzira amene akulemba chimangirizo, kapena munthu wolemba kalata yofunsira ntchito. Pali njira ziwiri zakale zomwe akadaulo okonza zolemba amagwiritsa ntchito, kuwerenga mokweza ndi kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Njirazi sizifuna ndalama kapena makina. Koma aliyense ayenera kudziwa kuti sizigwira zolakwika zofanana. Zomwe imodzi imagwira, inzake imaphonya, ndipo pali zina zomwe zonse ziwiri sizingaone.

Diso siliwerenga chilembo chilichonse

Ambiri timaganiza kuti powerenga diso limatsetsereka pamzere kuchokera kumanzere kupita kumanja, likuona chilichonse. Sizili choncho. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870, dokotala wa maso wa ku Paris, Louis Émile Javal, anafotokoza kuti diso limayenda modumphadumpha. Limaima pamalo amodzi, n'kudumpha, n'kuimanso. Akatswiri amene anabwera pambuyo pake, monga Keith Rayner wa ku Amereka, anayeza kayendedweka ndi zida zotsata diso. Anapeza kuti pa munthu wodziwa bwino kuwerenga Chingerezi, diso limaima pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi, kenaka limadumpha zilembo pafupifupi zisanu ndi zitatu. Anapezanso kuti pafupifupi liwu limodzi mwa mawu atatu alionse silipondedwa n'komwe, makamaka timawu tatifupi komanso mawu amene munthu akuwayembekezera kale.

Mipata yotsalayo amadzaza ndi bongo. Ukaona chiyambi cha liwu ndi kutalika kwake, umalota kuti liwulo ndi liti, ndipo nthawi zambiri umalota molondola. Ichi n'chifukwa chake timatha kumaliza nyuzipepala tiyi asanazizire. Koma luso lomweli ndi lomwe limabisa zolakwika, chifukwa bongo umakonza cholakwikacho m'mutu, papepala chili pomwepo.

Zinthu zimafika poipa zolembazo zikakhala zanu zomwe. Mu 1993, ofufuza awiri, Daneman ndi Stainton, anasonyeza kuti anthu amagwira zolakwika zochepa m'nkhani zomwe alemba okha kuyerekeza ndi m'nkhani za anzawo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mlembi akamawerenga kalata yake, sakufuna kudziwa zomwe ikunena, akuzidziwa kale. Amangosuzumira pamzere kuti atsimikize zomwe zili m'mutu mwake. Choncho ntchito yonse yokonza zolemba zanu ndi yopeza njira yozisandutsira zachilendo kwa inu nomwe.

M'Chichewa tanthauzo limabisala m'timagawo ting'onoting'ono

Ife olemba Chichewa tili ndi chifukwa chapadera chosamalira. Mneni wathu amasenza zinthu zambiri m'liwu limodzi: wochita, nthawi, wochitiridwa, ngakhale kukana. "Adzabwera" ndi "sadzabwera" amasiyana ndi chilembo chimodzi, koma wina akuti dikirani mlendo, wina akuti musavutike kuphika. "Mumwe" ndi "musamwe" amasiyana ndi phatikizo limodzi, ndipo papepala la malangizo a mankhwala phatikizo limenelo ndi moyo wa munthu. Chilembo cha h nachonso chimasintha nkhani: wosewera mpira akaponya sindiye kuti waphonya.

Palinso mawu athu ataliatali obwereza phatikizo, monga "tikukukumbutsani", "kukhululukira" ndi "lililonse". Dzanja likamathamanga limasiya phatikizo limodzi mwa ofananawo, ndipo diso silidandaula chifukwa maonekedwe a liwulo sanasinthe kwenikweni. Makina nawonso satithandiza mokwanira. Kompyuta yotcheredwa Chingerezi imadula mzere wofiira pansi pa pafupifupi liwu lililonse la Chichewa, mpaka mzere wofiirawo umasiya kutanthauza kanthu. Foni nayo imasintha mawu athu mwakachetechete kuti afanane ndi a Chingerezi. Wolemba Chichewa ayenera kudalira maso ake ndi makutu ake.

Kalata ya komiti

Tiyeni titenge chitsanzo. Mlembi wa komiti ya sukulu ina walemba kalata yopita kwa makolo, waiwerenga chamumtima kawiri, ndipo waona kuti ili bwino. Kalatayo ili motere:

"Okondedwa makolo, tikudziwitsani kuti kudzakhala msonkhnao wa makolo ndi ndi aphunzitsi Lachisanu pa 14 Juni, kuyambira 2 koloko masana. Nkhani yaikulu zomwe tidzakambirane ndi yomanga zimbudzi zatsopano mvula isanayambe. Kholo lilonse lidzabweretse K2,500 simenti. Makolo onse 120 akapereka, tidzapeza K250,000. Amene adzatha kubwera adzatumize mbale wake wamkulu."

Musanapitirire, iwerengeni mmene mumawerengera makalata onse, ndipo muwerengere zolakwika zomwe mwaona. M'kalatayi muli zolakwika khumi. Tiona kuti n'ziti zimagwidwa ndi khutu, n'ziti zimagwidwa pobwerera m'mbuyo, ndipo n'ziti zimapulumuka konsekonse.

Kuwerenga koyamba: mokweza, chala chili pamzere

Yambani ndi kuwerenga mokweza kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kunong'ona sikukwanira. Tulutsani mawu ngati mukulengeza m'tchalitchi kapena pabwalo la mfumu, ndipo chala kapena nsonga ya cholembera izikhudza liwu lililonse pamene mukulitchula. Kuwerenga kotereku kumagwira ntchito pa zifukwa ziwiri. Pakamwa pamachedwa kuposa diso, ndiye diso limakakamizika kudikira. Chachiwiri, khutu limalowa m'ntchitoyo, ndipo khutu la mwini chiyankhulo sililola mawu osagwirizana kudutsa. Kafukufuku wa Cushing ndi Bodner, wofalitsidwa mu 2022, anapezanso kuti owerenga mokweza amagwira zolakwika zambiri kuposa owerenga chamumtima.

Mlembi wathu akafika pa "Nkhani yaikulu zomwe", lilime limapunthwa. "Yaikulu" akunena nkhani imodzi, "zomwe" akunena nkhani zambiri. Zikuoneka kuti poyamba analemba za nkhani zingapo, kenaka anasintha maganizo n'kukonza theka la chiganizo lokha. Zolakwika za kugwirizana kwa mawu zimabadwa motero kawirikawiri, ndipo khutu ndilo limazimva msanga. Akapitirira, afika pa "lidzabweretse K2,500 simenti", ndipo amva kuti pali dzenje: liwu loti "yogulira" linatsala m'mutu mwake. Liwu losowa ndi cholakwika chovuta kwambiri kwa diso, chifukwa palibe choti lione. Koma munthu wotchula liwu lililonse amagwera m'dzenjemo.

Chiganizo chomaliza chimafuna kumvetsera tanthauzo. "Amene adzatha kubwera adzatumize" wina m'malo mwake? Ngati adzatha kubwera, atumiziranji munthu? Apa chilembo cha s chinasowa, ndipo chiganizo chinatembenuka. Mofananamo, "tikudziwitsani" akumveka ngati lonjezo loti uthenga ubwera posachedwa, pamene mlembi ankafuna kunena kuti "tikukudziwitsani" tsopano lino, m'kalata yomweyi.

Chenjezo ndi lakuti pakamwa naponso pamatha kukonza zinthu mwakachetechete. Mukawerenga mothamanga, mutchula "sadzatha" ngakhale papepala pali "adzatha", chifukwa ndi zomwe mukuyembekezera. Chizindikiro choti mwayamba kulakatula za pamtima ndi ichi: mawu anu akufika kumapeto kwa chiganizo chala chikadali pakati. Zikatero imani, bwererani poyambira chiganizocho. Samalaninso malo alionse amene mwapunthwa, mwabwereza kapena mpweya wakutherani. Ikani kadontho m'mbali ngakhale simunaone vuto, chifukwa nthawi zambiri pamenepo pali chiganizo chotalika mopyola muyeso, kapena mpatuliro wosowa.

Kuwerenga kwachiwiri: kuchokera kumapeto

Mukamaliza, pitani pa liwu lomaliza la kalata n'kuyamba kubwerera, liwu ndi liwu, kuchokera kumanja kupita kumanzere, mzere ndi mzere mpaka pamwamba. Liwu lililonse mumaliwerenga mmene limawerengedwera, chomwe chasintha ndi ndondomeko ya mawuwo basi. Kalata yathu iyamba kumveka motere: "wamkulu, wake, mbale, adzatumize, kubwera". Palibenso nkhani, palibenso choyembekezera, ndipo bongo ulibe pogwira kuti ulote. Zili ngati mayi amene akusankha nyemba m'lichero: sayang'ana mulu wonse, amakankhira pambali nyemba pang'onopang'ono kuti timiyala tionekere.

Phimbani mizere ya m'mwamba ndi pepala kapena rula kuti diso lisathawire kumeneko. Mawu aatali muziwadula m'maphatikizo monga tinkachitira mu Sitandade 1, ndipo muziwatchula. Mlembi wathu akafika pa "lilonse" n'kulidula kuti li-lo-nse, aona kuti maphatikizo ndi atatu pamene ayenera kukhala anayi, li-li-lo-nse. Chakumwamba akumana ndi "ndi" kawiri motsatizana. Liwu lobwerezedwa limabisala kwambiri likakhala kumapeto kwa mzere wina ndi kumayambiriro kwa wotsatira, chifukwa diso limaliona ngati limodzi podumpha mzere. Kenaka afika pa "msonkhnao". Zilembo zonse zilipo, kutalika n'kolondola, chiyambi n'cholondola, n'chifukwa chake linadutsa kawiri konse. Koma poyesa kulidula m'maphatikizo, limakana kutchulika.

Nanga "mbale"? Liwu limeneli likusonyeza mphamvu komanso malire a njirayi. Powerenga mokweza, ambiri atchula "m'bale wake" mosazengereza chifukwa tanthauzo likuwatsogolera. Pobwerera m'mbuyo, liwulo limaima palokha ndipo limatchulika ngati chiwiya chodyera. Mlembi watcheru adzifunsa kuti mbale ikufunanji m'kalata ya zimbudzi, ndipo aona kuti nkhodolero yasowa. Koma wotopa alidutsa, chifukwa "mbale" ndi liwu lenileni lolembedwa bwino. Apa ndi pamene pali kufooka kwa kuwerenga chobwerera: kumagwira mawu opunduka, koma mawu abwinobwino okhala pamalo olakwika kumatha kuwalola. "Adzatha" akanadutsa, "zomwe" akanadutsa, ndipo liwu losowa lija silikanadziwika n'komwe. Amene amangowerenga chobwerera n'kuganiza kuti wamaliza, wagwira theka la ntchito.

Dziwaninso kuti njirayi imagwira zala zoterereka, koma siingakuphunzitseni kalembedwe komwe simukudziwa. Ngati mumakhulupirira kuti liwu lina limalembedwa mwanjira yolakwika, mudzalivomereza kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Mankhwala ake ndi kufufuza. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa amene bungwe la Chichewa Board linatulutsa mu 1990 alipo, komanso Mtanthauziramawu wa Chinyanja wokonzedwa ndi Centre for Language Studies. Pa nkhani zomwe olemba amasiyana, monga kusankha pakati pa "chiyankhulo" ndi "chilankhulo", sankhani njira imodzi n'kuisunga kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Zomwe khutu ndi diso sizingadziwe

Tagwira zolakwika zisanu ndi zitatu. Ziwiri zatsala, ndipo ndizo zoopsa kwambiri. Makolo 120 akapereka K2,500 aliyense, ndalama zake ndi K300,000, osati K250,000. Chiganizocho chikumveka bwino m'khutu ndipo palibe chilembo cholakwika, koma kholo lodziwa masamu lidzafunsa kumsonkhano kuti K50,000 inayo ikupita m'thumba la yani. Chachiwiri ndi tsiku. Mlembi akatsegula kalendala ya chaka chimenecho apeza kuti 14 Juni ndi Loweruka. Ena adzabwera Lachisanu, ena Loweruka, ndipo msonkhano udzalephereka.

Choncho pamafunika kuzungulira kachitatu, kwa manambala ndi mayina okha. Dutsani m'kalatamo mukuzunguliza nambala iliyonse, tsiku lililonse ndi dzina lililonse, ndipo chilichonse muchiyerekeze ndi gwero lake. Tsiku liyerekezeni ndi kalendala, ndalama ziwerengereninso, dzina la munthu liyerekezeni ndi mmene mwini wake amalilembera. Nambala ya foni kapena ya akaunti ya kubanki muziitchula nambala imodziimodzi, kutsogolo kenaka chobwerera, chifukwa manambala awiri oyandikana amakonda kusinthana malo, 47 kukhala 74. Musaiwale mutu wa nkhani, adiresi ndi mawu a zilembo zikuluzikulu. Anthu ambiri amayamba kuwerenga pa ndime yoyamba, ndipo cholakwika chimatsala pamwamba penipeni pomwe aliyense adzachiona.

Zolemba zikakhala zazitali

Kalata ya tsamba limodzi mungathe kuibwerera liwu ndi liwu popanda vuto. Lipoti la masamba 40 kapena chimangirizo cha kuyunivesite ndi nkhani ina, chifukwa kubwerera kotereku kumatopetsa, ndipo diso lotopa limayambanso kudumpha. Apa pali njira yapakati: kubwerera chiganizo ndi chiganizo. Mumayamba ndi chiganizo chomaliza, kuchiwerenga mokweza kuchokera poyambira mpaka pa mpumiro, kenaka chomwe chili pamwamba pake, mpaka poyamba. Ulusi wa nkhani umaduka, kotero simutengeka nayo, koma chiganizo chilichonse chimakhalabe chathunthu, kotero kugwirizana kwa mawu ndi mawu osowa zimamvekabe. Njirayi imaulula msanga ziganizo zosamalizika, zomwe zinkaoneka zathunthu chifukwa chotsamira zinzake. Kubwerera liwu ndi liwu musungire malo amene cholakwika chingapweteke kwambiri: tsamba loyamba, mitu, chidule, matebulo ndi mayina.

Gawani ntchitoyo m'zigawo zazifupi. Mukaona kuti mwadutsa tsamba lonse osakumbukira kanthu, kapena mwayamba kusangalala ndi nkhani yanu m'malo moifufuza, nthawi yopuma yakwana.

Ndondomeko ndi yofunika

Kukonza zolakwika ndi ntchito yomaliza. Yambani mwamaliza nkhani yeniyeniyo: mfundo zonse zilipo, ndime zili m'malo mwake, palibe choti muwonjezere. Mukasakaniza ntchito ziwirizi, mudzasesa chiganizo chomwe mawa mudzachifufuta, ndipo chiganizo chatsopano chidzalowa chosafufuzidwa. Kenaka siyani zolembazo zigone. Usiku umodzi umathandiza, ndipo ngati nthawi palibe, ngakhale kukachita ntchito ina kwa kanthawi kuli bwino kuposa kuwerenga nthawi yomweyo. Ngati mungathe, sindikizani papepala. Ngati simungathe, sinthani kukula ndi mtundu wa zilembo pa kompyuta kuti mizere iduke m'malo ena, ndipo mawu amene anabisala kumapeto kwa mzere abwere pakati.

Powerenga, musakonze nthawi yomweyo. Ikani chizindikiro ndi cholembera cha mtundu wina, pamzere pomwepo komanso m'mbali mwa tsamba, n'kupitirira. Mukaima kuti mukonze, maganizo amabwerera ku kulemba, ndipo mukayambiranso mumadumpha mzere woyandikana nawo. Si zachilendo kupeza zolakwika ziwiri moyandikana, chifukwa pamene mlembi anasokonezedwa ndi pomwe zala zinaterereka kangapo. Mukagwira chimodzi, yang'anitsitsani mawu a kumanzere ndi kumanja kwake.

Ngati pali mnzanu, m'nyumba zosindikizira mabuku munali njira yakale ya anthu awiri. Mmodzi ankawerenga mokweza zolemba zoyambirira, kutchula ngakhale mipumiro ndi mipatuliro, pamene mnzake ankatsatira ndi diso pa tsamba losindikizidwalo. Njirayi ndi yabwino kwambiri pa mndandanda wa mayina, ndondomeko ya ukwati kapena ya maliro, ndi malipoti a ndalama. Pa kalata wamba, mupatseni mnzanuyo awerenge mokweza inu mukumvetsera. Iye sadziwa zomwe mumafuna kunena, ndiye atchula zomwe zalembedwa.

Pomaliza, lowetsani zokonzazo chimodzichimodzi, mukuchonga chilichonse papepala, ndipo chiganizo chilichonse chomwe mwachikhudza muchiwerengenso mokweza chonse. Zolakwika zambiri zimalowa pa nthawi yokonzayi. Mlembi wathu akasintha tsiku kukhala Loweruka, ayenera kufunsanso ngati aphunzitsi adzakhalapo tsiku limenelo, kapena ngati cholakwika chinali nambala 14 osati dzina la tsikulo. Akawonjezera "yogulira", aonetsetse kuti sanalimatize ndi liwu loyandikana nalo. Zonsezi zikatha, asagwirenso kalatayo. Aipereke kwa apampando asayinire, kenaka apite nayo kokachulukitsa makope 120 aja.